Opaleshoni ya heniya: ku boma, ku mishoni kapena kolipira?

Malume anga anakhala ndi chotupa m'mphechepeche kwa zaka ziwiri osauza munthu. Akanyamula thumba la chimanga kapena akatsokomola chinkatuluka, akagona chagada n'kuchikankha ndi dzanja chinkabwerera mkati. Tsiku limene anandiuza anayamba ndi nkhani ya mitengo ya feteleza, kenako ya ng'ombe ya mnzawo, ndipo ine nditaimirira kuti ndizipita m'pamene anati, "Mphwanga, pali kanthu kena pano kakundisowetsa mtendere." Anali ndi zaka 58, mlimi wa chimanga ndi mtedza, ndalama yake yobwera kamodzi pachaka.

Chinali heniya. Ambiri ikatsikira kumunsi amaitcha phudzi, ngakhale dzinali limaphatikiza matenda awiri osiyana. Pali phudzi la madzi, limene silibwerera mkati ngakhale mugone, ndipo pali heniya, pamene matumbo kapena mafuta a m'mimba apeza pofooka pa minofu n'kutulukira pansi pa khungu. Heniya sichira ndi mapiritsi, jakisoni kapena zitsamba. Bowolo limatsekedwa ndi opaleshoni basi. Koma bola chotupacho chikubwerera mkati, si matenda othamangira usiku, ndipo munthu amakhala ndi mpata wosankha kopita. Mpata umenewu ndi umene unatisokoneza mutu.

Nditayenda nawo malume mpaka pamapeto, ndinaona kuti funso lakuti "boma kapena kolipira" timalifunsa molakwika. Timayerekeza nyumba: uku kuli matailosi ndi kanema pamalo odikirira, uku kuli mzere wofika panja. Chithandizo cha heniya chili ndi magawo anayi, kuyezedwa, kukonzekera, opaleshoni yeniyeni ndi kusamala bala, ndipo malo amene achita bwino gawo limodzi si nthawi zonse amene achita bwino linzake.

Kuyezedwa

Apa m'pamene ndalama zambiri zimatayika pachabe. Heniya ya m'mphechepeche imadziwika ndi maso ndi manja. Woyeza amakuimiritsani, amaika zala pamalopo, amakuuzani kuti mutsokomole, n'kumva chotupacho chikugunda zala zake. Kenako amakugonekani kuti aone ngati chibwerera. Akakayikira kuti ndi madzi, amatha kuunika ndi tochi m'chipinda chamdima, poti madzi amawala pamene matumbo a munthu wamkulu sawala. Zonsezi sizidutsa mphindi khumi, ndipo nthawi zambiri sikani sifunika.

Ife tinayambira pa kachipatala kena kolipira ka pamsika, chifukwa malume ankachita manyazi kuvula pamalo a anthu ambiri. Anatilandira bwino, sitinadikire. Koma tinatuluka ndi lisiti la sikani, jakisoni awiri, mankhwala opha tizilombo a masiku asanu ndi mapiritsi a ululu, ndipo palibe anatchula mawu oti opaleshoni mpaka ulendo wachiwiri. Sindikunena kuti zipatala zonse zolipira zimatero. Koma kachipatala kopanda chipinda cha opaleshoni kalibe chokugulitsani chimene chingatseke bowolo, ndiye kamagulitsa zimene kali nazo. Mukapatsidwa mankhwala "ophwetsa" heniya, dziwani kuti mwagula nthawi yochedwa.

Ubwino wa kolipira pa gawo ili ulipo ndithu: chinsinsi ndi changu. Kwa bambo wamkulu amene wabisa matenda zaka ziwiri, zimenezi si zazing'ono. Ngati kulipira kuonana ndi dokotala ndi kumene kungamutulutse m'nyumba, lipirani. Ingopemphani kuti zimene apeza azilembe m'buku lanu la kuchipatala, ndipo funsani mosapita m'mbali: kodi apa pafunika opaleshoni, ndipo inu mumachita pano?

Ku boma njira yake imayambira pa chipatala chaching'ono cha kwanuko. Kumeneko sachita opaleshoni, koma amalemba m'bukumo kuti akutumizani ku chipatala cha boma cha m'boma lanu. Musaidumphe sitepe imeneyi n'kulunjika ku Gulupu, ku Kamuzu Central, ku Zomba kapena ku Mzuzu Central. Zipatala zinayi zimenezi zinaikidwa kuti zizilandira otumizidwa, ndipo wofika wopanda kalata pa matenda osakhala adzidzidzi akhoza kubwezedwa. Komanso heniya wamba sifunika chipatala chachikulu.

Wodula ndani, wogonetsa ndani

Anthu ambiri sadziwa kuti m'zipatala za m'maboma, maopaleshoni ambiri a heniya ndi a amayi obereka amachitidwa ndi makiliniko ofesa, osati madokotala a ukatswiri wa opaleshoni. Ena akamva zimenezi amachita mantha. Ine sindiona chochititsa mantha. Kiliniko ofesa amene wakhala zaka akuchita heniya sabata ndi sabata ali ndi dzanja lozolowera kuposa munthu wa mapepala ambiri amene amaichita mwa apo ndi apo. Pa heniya yoyamba, ya mbali imodzi, yosakula kwambiri, kuzolowera ndiko kofunika.

Nkhani imasintha ngati heniyayo inachitidwapo kale opaleshoni n'kubwereranso, ngati ndi yaikulu kwambiri yoti siibwereranso yonse, kapena ngati wodwala ali ndi vuto la mtima kapena la chifuwa. Pamenepo mukufuna katswiri, ndipo akatswiri ali m'zipatala zazikulu za boma, m'zipatala zina za mishoni, ndi m'zipatala zikuluzikulu zolipira monga Mwaiwathu kapena Blantyre Adventist. Ndipo musadabwe kupeza kuti dokotala amene mwalipira kuti muonane naye madzulo kolipira ndi yemweyo amene m'mawa anali ku chipatala cha boma. Akatswiri a opaleshoni m'dziko muno ndi ochepa, ndipo ambiri amagwira uku ndi uku. Chimene mwagula pamenepo ndi tsiku, osati manja ena.

Munthu amene timamuiwala ndi wogonetsa. Heniya imatha kuchitidwa ndi jakisoni wa pamsana wochititsa dzanzi kuyambira m'chiuno kutsika, kapena jakisoni wa dzanzi wa pamalo pomwepo, kapena kugonetsa munthu yense. Pa jakisoni wa pamsana, kuthamanga kwa magazi kumatha kutsika mwadzidzidzi, ndipo pamafunika munthu wophunzira ntchito imeneyi amene sakuchita china koma kuyang'anira wodwalayo, ali ndi mpweya wa okosijeni pafupi. Chipatala cha boma cha m'boma chimakhala ndi anthu otere chifukwa cha amayi obereka. Kachipatala kolipira kakang'ono nthawi zina kamangobwereka wogonetsa kwa maola awiri, akamaliza n'kumapita. Ndiye funsani: opaleshoni ikatha, usiku pagona ndani? Zinthu zikavuta, mutithamangitsira kuti, ndipo pa galimoto yanji? Yankho la funso lomalizali kawirikawiri limakhala chipatala cha boma chomwe munachithawa chija.

Pakhoma la chipatala chilichonse cholipira payenera kuoneka chiphaso cha bungwe la Medical Council of Malawi, limene limalembetsa madokotala, makiliniko ofesa ndi zipatala zolipira. Kuchiyang'ana si mwano.

Funso linanso ndi la kasokedwe. Pali njira yakale yokoka minofu n'kuisoka ndi ulusi, ndipo pali njira yoikapo kaukonde kolimbitsa pofookapo. Kaukonde kamachepetsa mpata woti heniya ibwererenso, makamaka kwa munthu wa ntchito zolemetsa. Kolipira nthawi zambiri kamakhalapo ndipo kamalowa pa bilu. Ku boma kamapezeka nthawi zina, nthawi zina ayi. Kusoka ndi ulusi kochitidwa ndi dzanja lodziwa kwachiritsa anthu ambirimbiri, choncho kusowa kwa kaukonde si chifukwa chothawira, koma ndi bwino kudziwiratu chimene akuikeni.

Mtengo wa zaulere

Ku boma simulipira kuyezedwa, bedi kapena opaleshoni. Mumalipira ndi masiku. Malume atayezedwa anapatsidwa tsiku la patsogolo pa masabata asanu ndi limodzi. Tinafika dzulo lake monga anatiuzira, anagonekedwa mu wodi ya abambo, anasala chakudya kuyambira pakati pa usiku. M'mawa anavekedwa chovala cha ku fiyeta n'kukhala pa benchi ndi abambo ena atatu. Pofika masana panali palowa amayi awiri ofunika kubereka ndi opaleshoni, kenako mnyamata wa ngozi ya njinga yamoto. Cha m'ma 3 koloko namwino anabwera n'kunena kuti, "Abambo, kadyeni, lero zakanika." Malume anayang'ana pansi, kenako anandifunsa ngati mayi wa zitumbuwa akadali pageti.

Ndinakwiya tsiku limenelo, koma nditaganiza ndinaona kuti palibe amene analakwa. Chipatala cha m'boma chimakhala ndi chipinda cha opaleshoni chimodzi kapena ziwiri, ndipo gulu lomwelo ndi limene limathandiza odzidzimutsa. Heniya yobwerera mkati singapikisane ndi mwana amene akubanika m'mimba. Zina zimene zimaimitsa mndandanda ndi kuzima kwa magetsi jenereta ilibe mafuta, kusowa kwa madzi, kuwonongeka kwa makina ophikira zida, kapena kutha kwa mankhwala a dzanzi. Wosankha boma alowe akudziwa kuti tsiku lolembedwa m'buku ndi chiyembekezo, osati pangano.

Tsono werengerani chonchi. Ulendo uliwonse ndi thiransipoti ya anthu awiri kupita ndi kubwera, poti gadiyani ndi wofunika: ndiye wotunga madzi, wophika kukhitchini ya magadiyani, wothandiza wodwala kupita kuchimbudzi. Onjezani chakudya, makala kapena nkhuni, ndi mankhwala amene angakuuzeni kuti mukagule ku famase ya panja chifukwa atha. Kenako onjezani masiku amene gadiyaniyo wasiya ntchito yake. Ife tinayenda maulendo asanu, kuphatikizapo wochotsa ulusi, ndipo ine ndinajomba masiku asanu ndi atatu. Kwa mlimi wa pafupi ndi chipatala, m'nyengo yopanda ntchito ya kumunda, mtengo umenewu ndi wopepuka kwambiri poyerekeza ndi bilu ya kolipira. Kwa munthu wa geni kapena wa ganyu amene tsiku lililonse lojomba ndi ndalama yotayika, kapena amene abwana ake sangamupatse tchuthi katatu, masamu ake amatembenuka.

Ulendo wachiwiri unalephereka pa chifukwa china, ndipo apa vuto linali lathu. Usiku woti mawa opaleshoni, anawayeza malume n'kupeza kuti magazi akuthamanga kwambiri. Wogonetsa anakana, ndipo anachita bwino. Anawalembera mankhwala n'kuti abwere pakatha mwezi. Chikhala kuti tinadziwa, tikanayezetsa bipi, shuga ndi kuchuluka kwa magazi m'masabata odikira aja. Apa ndi pamene kachipatala kolipira ka pafupi kamagwira ntchito yabwino: kuyeza bipi sabata iliyonse osakwera minibasi, ndi kugulako mankhwala akatha ku boma. Tinachita zimenezo mwezi wonsewo, manambala tikulemba m'buku lomwe lija, ndipo ulendo wachitatu wogonetsa anangotsegula bukulo n'kugwedeza mutu. Mukamadikira, thanani nazonso zimene zimakankha heniya: chifuwa chosatha, kudzimbidwa, ndi kuvutika pokodza kumene abambo achikulire ambiri amakhala nako. Zikapanda kuthandizidwa, zimakankhanso pamene asokapo.

Bilu ya kolipira

Sinditchula mitengo, poti kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa zinthu za m'chipatala sukhalitsa. Chimene sichisintha ndi kapangidwe ka biluyo. Mukafunsa pafoni kuti "heniya ndi zingati?", nambala imene mungamve kawirikawiri ndi ya dokotala wodula yekha. Pambali pake pali ya wogonetsa, ya chipinda cha opaleshoni, ya bedi usiku uliwonse, ya kuyeza magazi, ya kaukonde, ya madiripi ndi mankhwala, mpaka magolovesi ndi thonje. Pemphani kuti akulembereni zonse papepala musanapereke dipoziti. Funsaninso zinthu ziwiri zimene sizilembedwa: kubwera kudzaonetsa bala ndi kuchotsa ulusi kuli momwemo kodi? Nanga bala likachita mafinya, kapena magazi akaundana mkati n'kufunika kutsegulanso, alipira ndani? Banja limene lagulitsa mbuzi zonse kuti likwanitse nambala yoyamba lija limasowa pogwira bilu ikakula pakati pa njira.

Amene ali pa MASM kapena sikimu ina ya kuntchito asangoganiza kuti khadi lithana nazo. Opaleshoni yokonzekera imafuna chilolezo cha sikimuyo isanachitike, olowa kumene amakhala ndi nthawi yodikira, ndipo nthawi zambiri pamatsala gawo loti mulipire nokha. Imbani foni kaye.

Chimene mumapeza mukalipira n'chenicheni: tsiku limene mwagwirizana limasungidwa, mumaonana ndi wodulayo maso ndi maso musanalowe, mumagona pabedi panokha, ndipo ambiri amatuluka tsiku lomwelo kapena mawa lake. M'zipatala zazikulu za boma mulinso mawodi olipira, amene amakupatsani bata ndi malo abwinoko, koma funsitsitsani ngati kulipirako kukufulumizitsanso tsiku la opaleshoni, chifukwa fiyeta ndi yomweyo.

Njira ya pakati imene ambiri amaiiwala

Tikamati "kolipira" timasakaniza zinthu zosiyana kwambiri. Zipatala za mishoni, zimene zili pansi pa bungwe la CHAM, zimalipiritsa, koma sizinakhazikitsidwe kuti zipange phindu, ndipo boma limalipira malipiro a antchito ake ambiri. N'chifukwa chake mitengo yake imakhala yotsika poyerekeza ndi zipatala za bizinesi za m'tauni. Zina mwa izo, monga Nkhoma, Malamulo, St Gabriel's ku Namitete ndi Ekwendeni, ndi zipatala zathunthu zokhala ndi fiyeta, mawodi ndi anamwino ogona usiku, ndipo Nkhoma ndi Malamulo zimaphunzitsanso madokotala a opaleshoni. Kwa munthu wokhala ndi kandalama pang'ono amene sangathe kudikira miyezi, kuno ndi kumene ndingayambire kufunsa.

Chenjezo limodzi: mwina munamva kuti ku mishoni "masiku ano n'kwaulere". Boma lili ndi mapangano ndi zipatala zambiri za CHAM, koma amakhudza makamaka amayi oyembekezera ndi ana aang'ono. Bambo wa heniya amalipira. Ndipo si chipatala chilichonse cha mishoni chimene chili ndi fiyeta. Zambiri ndi zazing'ono ngati za boma za kumudzi.

Pamene kusankha kwatha

Zonse ndanenazi zikugwira ntchito pokhapokha chotupacho chikubwerera mkati. Tsiku limene chakana kubwerera, chalimba, chikuwawa kwambiri, munthu akusanza, mimba ikutupa, sakuchita chimbudzi ngakhale kutulutsa mpweya, ndiye kuti matumbo akanirira pabowopo ndipo magazi akhoza kusiya kufikako. Matumbo otere amatha kufa m'maola ochepa. Musachikankhe mwamphamvu, musamupatse chakudya, musadikire tsiku lolembedwa m'buku, ndipo musataye nthawi pa kachipatala kopanda fiyeta. Pitani pa chipatala chapafupi chimene chimachita opaleshoni usiku, ndipo ku boma wodwala wotere ndi amene amadumphitsa anzake pamzere.

Palinso anthu amene sayenera kudikira miyezi ngakhale chotupa chikubwerera. Mwana wakhanda ndi mmodzi, chifukwa heniya yake imakanirira msanga. Winanso ndi mayi amene ali ndi kachotupa chakumunsi, kumtunda kwa ntchafu, poti mtundu umenewu bowo lake ndi lopapatiza. Komanso aliyense amene heniya yake yayamba kuvuta kubweza kapena kuwawa pafupipafupi abwerere kuchipatala akanene, asangokhala chete kudikira tsiku. Kwa anthu amenewa, ngati ku boma tsiku lili kutali ndipo ndalama ingapezeke, kulipira kuli ndi phindu lenileni.

Mmene zinathera

Malume analowa fiyeta ulendo wachitatu, pa chipatala cha boma chomwe chija, mwezi wa Julaye. Anawabaya pamsana, ndipo akuti ankamva anthu akukambirana za mpira kuseri kwa nsalu. Sipanathe ola limodzi ndi theka. Tinagona masiku awiri. Mankhwala a ululu amene anatilembera tinakagula panja. Bala tinkakatsukitsa pa chipatala chaching'ono cha kwathu, ndipo ulusi anachotsa patatha masiku khumi. Anatiuza zoyang'anira: kufiira kofalikira, kutentha thupi, mafinya, kapena kutupa kokulirakulira. Kutupa pang'ono ndi kuda kwa khungu chakumunsi m'masiku oyamba kumachitika ndipo kumatha kokha.

Mwezi wa Julaye unatikomera mwangozi, koma wina akhoza kuusankha dala. Pambuyo pa opaleshoni munthu amayenda tsiku lotsatira, koma zolemera amazipewa kwa masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Mlimi amene wachitidwa opaleshoni mu Novembala amapezeka ali ndi bala laliwisi mvula yoyamba ikugwa, ndipo palibe namwino amene angamuletse kugwira khasu. Ndiye ngati mukupita ku boma, kalembetseni chimanga chisanaume, cha m'ma Malichi kapena Epulo, kuti ngakhale akubwezeni kawiri, mudzachitidwe m'nyengo yozizira, nkhokwe ili yodzaza, gadiyani ali ndi mpata. Ngati mwachedwa mpaka Okutobala ndipo heniya ikuvutitsa, apo ndi pamene ndalama ya mtedza ingagule tsiku lotsimikizika ku mishoni.

Ine ndikanati ndiyambirenso, kachipatala ka pamsika kaja ndikanapitako kukayezetsa bipi kokha, sikani ndi majakisoni aja osalipira, ndipo ndikanafunsa mtengo ku mishoni tsiku lomwe tinapatsidwa deti ku boma, kuti pobwezedwa koyamba tikhale tikudziwa kale ngati tingakwanitse. Malume amatsutsa. Iwo amati masiku sanawagule kwa munthu, pamene mbuzi zawo zinayi zikadali m'khola. Pofika Okutobala anali akugalauza okha, ndipo thumba loyamba la feteleza anakana kuti ndiwanyamulire.